Magazi Ochepa Osamva Mankhwala a Ayironi

Pa ntchito yathu ya mu labotale, mawu amene ndimawamva kwambiri kuposa ena onse ndi akuti "magazi achepa". Amawanena dokotala, namwino ngakhale wodwala mwiniwake, ndipo yankho limakhala lodziwika kale: mapilitsi a ayironi, masamba obiriwira, chiwindi ngati ndalama ilipo. Nthawi zambiri yankholi ndi loona. Koma alipo anthu amene angamwe mapilitsiwo chaka chathunthu maselo awo ofiira n'kukhalabe aang'ono ndi otumbululuka monga analili poyamba. Ayironi ali naye wokwanira. Vuto lawo anabadwa nalo, ndipo dzina lake ndi talasemiya.

Dzinali ndi lachilendo chifukwa matendawa anayamba kudziwika kutali. Mu 1925 dokotala wa ana wa ku Detroit, Thomas Cooley, anafotokoza za ana osowa magazi kwambiri, otupa kapamba, okhala ndi mafupa a kumutu opunduka. Popeza ana odwala motere ankachokera m'mabanja a m'mbali mwa nyanja ya Mediteraniyani, madokotala ena anatenga mawu a Chigiriki otanthauza nyanja n'kupanga dzinali. Ine ndimaona kuti dzinali linatisocheretsa, chifukwa linachititsa ambiri kuganiza kuti ndi matenda a Agiriki ndi Ataliyana okha, chikhalirecho mtundu wake wina ngwofala kwathu kuno.

Selo lofiira ndi kathumba kodzaza ndi hemogulobini, chinthu chimene chimanyamula okosijeni ndi kupatsa magazi kufiira kwake. Hemogulobini ya munthu wamkulu imapangidwa ndi zingwe zinayi zotchedwa gulobini, ziwiri za mtundu wa alufa ndi ziwiri za mtundu wa beta. Chingwe chilichonse chili ngati mikanda yotungidwa mwadongosolo, 141 pa alufa ndi 146 pa beta, ndipo chimapindika n'kufungatira kachigawo kotchedwa hemu, komwe pakati pake pali ayironi. Choncho pofuna hemogulobini pamafunika ayironi, komanso pamafunika zingwe, ndipo zingwezo zibwere zofanana kuchuluka kwake. Alufa ndi beta zili ngati ng'ombe zapagoli. Mungakhale ndi ng'ombe khumi zakumanja, koma ngati zakumanzere zilipo zitatu, ngolo zoyenda ndi zitatu basi.

Malangizo opangira zingwezi ali m'majini. Majini a alufa tili nawo anayi, awiri ochokera kwa mayi ndi awiri kwa bambo, pa kolomozomu 16. A beta tili nawo awiri okha, pa kolomozomu 11. Jini ikasowa kapena ikawonongeka, zingwe za mtundu umenewo zimapangidwa zochepa. Apa ndi pamene talasemiya imasiyanirana ndi matenda a sikoselo, amene anthu ambiri amawadziwa: mu sikoselo chingwe cha beta chimapangidwa chokwanira koma mkanda umodzi ngwolakwika, pamene mu talasemiya zingwe zimene zapangidwa zimakhala zabwinobwino, kungoti sizikwanira.

Funso limene linandivuta nthawi yaitali ndili pasukulu linali lakuti, n'chifukwa chiyani selo limachepa msinkhu? Kutumbululuka n'kosavuta kumva, poti hemogulobini ikachepa utoto umachepanso. Pa makina oonera tinthu tating'ono, selo labwino limakhala lofiira m'mbali ndi kamalo koyera pakati, kotenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a m'mimba mwake. Selo la talasemiya kamaloko kamakula mpaka kufiira kumangotsala ngati mkombero wa lichero. Koma kuchepa msinkhu kumayambira m'mafuta a m'mafupa, kumene maselo ofiira amabadwira. Selo loyamba limakhala lalikulu. Limagawikana pawiri, awiriwo n'kugawikananso, ndipo ulendo uliwonse ana amatuluka ocheperapo kuposa kholo lawo. Pamene likugawikana limakhalanso likudzaza hemogulobini. Mafotokozedwe amene tinaphunzitsidwa, ndipo amagwirizana ndi zimene timaona, ndi akuti hemogulobini ikafika mlingo wina wake m'kati mwa selo, kugawikana kumaleka, selo limataya phata lake n'kutuluka kupita m'magazi. Zingwe zikamabwera mochedwa, mlingo uja umachedwa kufika, ndipo selo limagawikananso kamodzi kowonjezera. Limatuluka lili laling'ono, komabe losadzaza bwino.

Kusowa kwa ayironi kumachedwetsanso hemogulobini mwa njira yomweyo. N'chifukwa chake matenda awiriwa amaoneka ngati mapasa pa galasi, ndipo n'chifukwa chake amasokonezedwa.

Ndimakumbukira mayi wina wa zaka zosapitirira makumi atatu, wosayembekezera, amene anabwera kudzayezetsa kachitatu atamwa mapilitsi a ayironi miyezi isanu ndi umodzi. Sankadwala. Ankalima, ankatunga madzi, ndipo chimene chinkamuvuta chinali mseru ndi kudzimbidwa chifukwa cha mapilitsiwo. Makina anatulutsa Hb 11.8, yocheperako pang'ono kwa mayi, popeza malire ndi 12. MCV, yomwe imanena kukula kwa selo ndipo imayenera kukhala pakati pa 80 ndi 100, inali 68. MCH, hemogulobini ya m'selo limodzi, inali 21.5 m'malo mwa 27 kapena kuposerapo. Koma RBC, chiwerengero cha maselo, inali 5.5, chokwera kuposa cha amayi ambiri athanzi. Sabata yomweyo kunabweranso mtsikana wina wotaya magazi ambiri pamwezi, ndipo zake zinali Hb 8.4, MCV 70, MCH 21.5, RBC 3.9. Maselo a anthu awiriwa anali ofanana msinkhu ndi utoto. Chosiyana chinali kuchuluka kwake.

Chifukwa chake n'chomveka. Thupi losowa ayironi lilibe zomangira, motero limapanga maselo aang'ono komanso ochepa. Thupi la munthu wa talasemiya yopepuka lili ndi ayironi wokwanira, ndipo poona kuti kathumba kalikonse kakunyamula pang'ono, limangochulukitsa timatumbato. Mu 1973 dokotala wina, William Mentzer, anapereka kasamu kogwiritsa ntchito kusiyanaku: MCV ÷ RBC. Yankho likakhala pansi pa 13 timaganizira talasemiya, likakhala pamwamba timaganizira ayironi. Kwa mayi uja 68 ÷ 5.5 ndi 12.4. Kwa mtsikana uja 70 ÷ 3.9 ndi 17.9.

Kasamuka ndimakakonda chifukwa sikafuna ndalama, koma kamangolozera njira. Munthu akhoza kukhala ndi mavuto onse awiri nthawi imodzi, makamaka mayi woyembekezera kapena mwana wa njoka zam'mimba, ndipo zikatero manambala amasakanikirana. Choyenera n'kuyeza feritini, amene amasonyeza ayironi wosungidwa m'thupi. Nayenso ali ndi msampha wake: amakwera munthu akakhala ndi malungo kapena matenda ena otupitsa m'thupi, moti akhoza kuoneka wokwanira nkhokwe ili mbee. Mayi uja analibe malungo ndipo feritini wake anali wokwanira bwino. Dokotala anamuuza kuti asiye mapilitsi, koma akadzakhala ndi pakati adzatsatire za kusikelo monga mayi wina aliyense.

Kuti titsimikize mtundu wake pamafunika zambiri. Kwa munthu amene jini imodzi ya beta yawonongeka, hemogulobini ina yaing'ono yotchedwa HbA2, imene sigwiritsa ntchito beta, imakwera kupitirira 3.5 peresenti. Kwa wa alufa sikwera, ndipo chotsimikiza chenicheni ndi kuyeza majiniwo, zomwe zipatala zathu zambiri sizichita. Za mayi uja tinangofika pa mawu akuti "mwachionekere ndi alufa", mwina majini awiri mwa anayi atasowa. Tinatero chifukwa kuno kum'mwera kwa Sahara mtundu wofala ndi umenewu. Unafala chifukwa umateteza ana ku malungo aakulu, moti m'madera a udzudzu amene anali nawo ankapulumuka n'kubereka.

Tsopano tibwerere ku ng'ombe zija, chifukwa zotsala zopanda mnzake sizingokhala phee m'khola. Mwa mwana amene majini onse awiri a beta awonongeka, zingwe za alufa zimapangidwabe mwa nthawi zonse koma zilibe zogwirana nazo. Zimaundana m'kati mwa selo, zimawononga khungu lake, ndipo maselo ambiri amafera m'mafupa momwemo asanatuluke. Amene atuluka kapamba amawagwira msanga, osafika masiku 120 amene selo labwino limakhala. Thupi likamva njala ya okosijeni limalamula mafuta a m'mafupa kuti agwire ntchito mowirikiza, mafutawo amafufuma, ndipo mafupa a pamphumi ndi m'masaya amatukuka monga anaonera Cooley. Chodabwitsa n'chakuti mwanayu amabadwa bwinobwino. Ali m'mimba amagwiritsa ntchito hemogulobini ya alufa ndi gama, yosafuna beta. Pa miyezi ngati isanu ndi umodzi gama imazilala kuti beta itenge malo, ndipo m'pamene mwana amayamba kutuwa ndi kuleka kukula. Moyo wake umadalira kuikidwa magazi masabata angapo aliwonse. Magazi oikidwawo amabwera ndi ayironi amene thupi lilibe njira yomutayira, matumbo nawo amayamwa ayironi mopitirira, ndipo amaunjikana mu mtima ndi m'chiwindi. Mwana wotere amafunika mankhwala ochotsa ayironi. Kumupatsa mapilitsi owonjezera chifukwa choti "magazi achepa" n'kumuvulaza.

Ku mbali ya alufa zimatengera majini angati asowa. Ikasowa imodzi, nthawi zambiri palibe chooneka. Akasowa awiri, ndi za mayi uja. Akasowa atatu, zingwe za beta zotsala zimagwirana zinayi zokhazokha, n'kupanga hemogulobini yokakamira okosijeni ndi yosachedwa kuwonongeka, ndipo munthu amasowa magazi ndithu. Akasowa onse anayi, mwana amatupa ndipo kawirikawiri amafera m'mimba kapena atangobadwa.

Mayi uja atamva kuti ndi zakumtundu, anafunsa chimene kholo lililonse lingafunse, ngati ana ake ali pangozi. Apa nkhani ili pa mmene majini osowawo akhalira. Kum'mwera chakum'mawa kwa Asiya, kawirikawiri onse awiri amasowa pa kolomozomu imodzi, moti kholo likhoza kupatsira mwana kolomozomu yopanda alufa ngakhale imodzi, ndipo makolo awiri otere akakumana mwana akhoza kusowa onse anayi. Kwathu kuno kawirikawiri imasowa imodzi uku, imodzi uku, kolomozomu iliyonse n'kutsala ndi jini yamoyo. Ngakhale bambo ndi mayi atakhala nazo onse mwa mtundu umenewu, mwana amalandira jini imodzi yabwino kuchokera kwa aliyense, n'kukhala ndi ziwiri ngati mayi wake. Dokotala anamulembera m'buku lake lakuchipatala kuti maselo ake ngaang'ono chibadwire, ndi manambala a tsikulo pambali pake, kuti wina akadzaona MCV 68 ayambe wayeza feritini asanatsegule botolo la mapilitsi.