Anabele a m'khosi

Mwana wanga wachisamba ali ndi zaka 14, ndipo si munthu wokana nsima. Choncho Lachiwiri lina m'mwezi wa Juni atakankhira mbale kumbali n'kunena kuti, "Amayi, sindikutha kumeza," ndinasiya kudya n'kumugwira pachipumi. Thupi linali litatentha kwambiri. Nditatsitsa zala m'munsi mwa chibwano, mbali zonse ziwiri, ndinapeza timibulu ngati nzama, ndipo nditangotikhudza iye anadzuma n'kuthawitsa mutu.

Agogo ake, amene amakhala nafe, sanatekeseke. Anati ndi anabele basi, timuthowe ndi kansalu konyika m'madzi ofunda, mawa adzuka. Mbali ina ankanena zoona. Mwanabele payekha si matenda. M'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche muli timagulu ta tinthu tosefa tizilombo, ndipo pafupi pakakhala chilonda timatupa chifukwa tili pantchito. Chilonda cha kuphazi chimatupitsa m'mphechepeche, zilonda zapakhosi zimatupitsa m'khosi. Funso lofunika ndi lakuti chatupitsa anabelewo n'chiyani.

Usiku umenewo tinachita zapakhomo, ndipo ndingazichitenso. Ndinasungunula theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu ya madzi ofunda kuti azivumata, kukweza mutu kuti madziwo afike kummero, n'kulavula. Ndinamupangira madzi ofunda a ndimu ndi uchi. Ndinamupatsa panado mbulu umodzi wa mamiligalamu 500, woti abwereze pakatha maola 6, osapyola kanayi patsiku. Asipilini ndinamubisa dala, chifukwa sapatsidwa kwa mwana wosafika zaka 16 amene watentha thupi: angathe kuyambitsa vuto loopsa la chiwindi ndi ubongo. Nsima tinaisiya, tinaphika phala lamadzimadzi. Zonsezi zimachepetsa ululu ndi kuthandiza kuti munthu azimwa madzi. Kachilombo kakakhala ka mtundu wofuna mankhwala, sizikapha.

Apa ndi pamene ine ndi agogo tinasiyana maganizo, ndipo chifukwa chake ndi mng'ono wanga.

Tikukula, mng'ono wangayo ankadwaladwala pakhosi. Ankavumata mchere, pakhosi pankapola, tinkaiwala. Chaka china, patangopita masabata ochepa atadwala choncho, anayamba kumva kuwawa m'mfundo. Lero bondo latupa, mkuja bondo lapola koma chigongono chayamba. Kumudzi zinanenedwa zambiri, ndipo palibe amene anaganizako za pakhosi. Patapita zaka, wayamba kubanika akakwera kachitunda ndiponso miyendo ikutupa, madokotala anatiuza kuti zitseko za mumtima mwake zinawonongeka. Anatifotokozera kuti pali bakiteriya wotchedwa sitirepu amene amayambitsa zilonda zapakhosi, makamaka kwa ana a zaka 5 mpaka 15. Pakhosi pamapola pokha ngakhale osamwa mankhwala, ndipo m'pamene munthu amapusitsikira. Mwa ana ena, chitetezo cha m'thupi chimene chinadzuka kudzalimbana ndi kachilomboko chimasokonezeka n'kuyamba kuluma mfundo ndi mtima wa mwini wake. Mng'ono wanga amabayitsa jakisoni wa penisilini mwezi ndi mwezi mpaka lero, ndipo pamimba yake yoyamba tonse tinasowa tulo.

Zilonda zapakhosi zambiri si za sitirepu. Zambiri zimabwera ndi mavairasi a chimfine, ndipo zimatha zokha pasanathe sabata. Mankhwala opha mabakiteriya sathandiza kalikonse pamenepo. Chimene ndinaphunzira ndi kasiyanitsidwe kake, ngakhale si kotsimikizika ngati kuyeza kwa kuchipatala. Mwana amene akutsokomola, akutuluka mamina ndipo mawu asasa, kawirikawiri ndi chimfine. Amene pakhosi payamba mwadzidzidzi, thupi latentha, anabele akutsogolo kwa khosi akuwawa ukawagwira, koma chifuwa ndi mamina palibe, ameneyo ndiye wokayikitsa.

M'mawa mwake ndinamuimika pakhomo pamene pali kuwala, ndinamuuza kuti ayasamule n'kunena kuti "aaa", ndinaunika ndi tochi ya pafoni. Timinofu tiwiri ta m'mbali mwa mmero, timene kuchipatala amati matonsilo, tinali titafiira n'kutupa, tili ndi timadontho toyera ta mafinya. Chifuwa analibe. Zizindikiro zonse zinalipo.

Ndiulule kuti mtima wina unkandiuza kuti ndingopita pa okala kukagula timakapisozi ta amokisilini ta masiku awiri, monga amachitira anthu ambiri m'dera lathu. Mzere wa kuchipatala ndi wautali, ndipo tsiku limenelo ndinali ndi ntchito. Koma timakapisozi ta masiku awiri timangoziziritsa pakhosi, kachilombo n'kutsala.

Dokotala anayamba ndi kumuyeza malungo, popeza kuno kutentha thupi kulikonse kumayambira pamenepo. Sanapezeke nawo. Kenako anachita chinthu chimene chinandidabwitsa: anamugwira kumbuyo kwa khosi, m'khwapa, n'kumugoneka kuti amupapase pamimba kumanzere, m'munsi mwa nthiti. Nditafunsa, anati achinyamata amagwidwanso ndi vairasi ina yoyenda m'malovu imene imafanana kwambiri ndi sitirepu, mafinya omwe. Imeneyo imatupitsa anabele mpaka kumbuyo kwa khosi, imafooketsa munthu kwa masabata, ndipo nthawi zina imatupitsa kapamba moti mwana amayenera kusiya mpira ndi masewera ogundana kwa mwezi wathunthu. Wodwala vairasi imeneyo akamwa amokisilini nthawi zambiri amatuluka zidzolo thupi lonse. Ndinakumbukira okala ija, ndinangokhala chete.

Wanga anamupeza kuti ndi wofunika penisilini. Anatipatsa mwayi wosankha, jakisoni mmodzi wa pathako kapena mapiritsi a masiku 10. Mwana anasankha mapiritsi asanamalize n'komwe kufunsidwa. Tisanatuluke, dokotalayo anandiyang'ana ine n'kuti, "Mayi, akayamba kulephera kumeza ngakhale malovu ake mpaka kuchucha dovu, kapena kukamwa kukamakanika kutsekuka, kapena mawu akamamveka ngati wavumata mbatata yotentha, musadikire kuti kuche." Anati zimenezo zimasonyeza kuti mafinya asonkhana n'kupanga chithupsa kuseri kwa tonsilo, kawirikawiri mbali imodzi, ndipo chingatseke njira ya mpweya. Kubanika, kupuma mochita phokoso, khosi kuuma, kapena kutha tsiku osakodza chifukwa sakumwa kanthu, zonsezo n'zothamanga nazo usiku womwewo.

Nkhondo yeniyeni inabwera tsiku lachitatu. Thupi linazizira, nsima inayamba kulowa, ndipo iye anati, "Amayi, ndachira, mapiritsiwa akungondinyansa." Agogo anamuikira kumbuyo, akuti mankhwala ambiri amaononga magazi. Sindinakangane nawo. Ndinaimbira foni mng'ono wanga n'kumupatsa mwanayo kuti alankhule ndi amayi ake aang'ono. Zimene anakambirana sindinazimve, koma analemba masiku otsalawo pakalendala ya kukhitchini ndipo ankachonga yekha.

Anabele anachedwa kuphwa kuposa pakhosi, ndipo zimatero ndithu. Ndinkawagwira Lamlungu lililonse, osati tsiku ndi tsiku, chifukwa kuwatofatofa kumawapweteketsa ndipo suona kusintha. Ndinkafuna kuona kuti akuchepa. Mwanabele amene wadutsa masabata atatu osachepa, kapena akukulirakulira, wolimba, wosawawa, makamaka mwana akamatuluka thukuta usiku ndi kuonda, salinso nkhani ya pakhosi. Ameneyo amafunika kuyezetsa chifuwa chachikulu, kachilombo ka Edzi, ngakhalenso khansa. A mwana wanga, pofika sabata yachitatu, anali atatsala ngati njere ya mapira.

Mwezi wonse wotsatira ndinkamuyang'ana kayendedwe akamachokera kusukulu, ndipo kangapo ndinamufunsa za mawondo ndi akakolo. Tsiku lina anatopa nane, anaponya chikwama pampando n'kuti, "Amayi, mawondo ali bwinobwino. Kodi ndiwo ndi chani lero?"