Kulondola Mapazi a Mtedza

Ine ntchito yanga ndi yoyang'anira ubwino wa chiponde m'fakitale, ndipo ngakhale anthu ambiri amaganiza kuti tsiku lonse ndimakhalira kulawa ndi kununkhiza, chida changa chenicheni ndicho kaundula, momwe thumba lililonse la mtedza lolowa pachipata limapatsidwa nambala ya loti, nambala imene iyenera kulitsata pakusankha, pakukazinga, pakupera, kufikira pa chivundikiro cha botolo limene mayi adzalitenge pashelefu m'golosale. Achinyamata amene ndimawakonzekeretsa mayeso a ntchito yathuyi amabwera ataloweza kale lamulo la mwendo umodzi kumbuyo ndi mwendo umodzi kutsogolo, lija a ku Ulaya analiika m'malamulo awo a chakudya m'chaka cha 2002, lakuti wopanga chakudya adziwe amene anamugulitsa ndiponso amene iye wamugulitsa. Kuloweza kumeneko n'kosavuta. Oyesa, kaya ndi a mayeso olemba pa muyezo wa ISO 22000, kaya ndi ofufuza obwera m'fakitale ndi muyezo wa BRCGS umene umafuna kuti loti ilondoledwe yonse pasanathe maola anayi, chimene amafuna kuona ndi chakuti makilogalamu onse amene analowa apezeke kumene anapita.

Funso limene ndimalikonda pophunzitsa limayenda motere. Fakitale yalandira matumba 100 a mtedza wosenda, lililonse la makilogalamu 50, ndiwo makilogalamu 5,000, ndipo onse apatsidwa loti imodzi. Amayi osankha achotsamo makilogalamu 400 a mtedza wofota, wosweka ndi wachuku. Pakukazinga ndi pakuchotsa timakungu patayika makilogalamu 350. Chiponde chatuluka makilogalamu 4,250. Buku la malonda likuonetsa mabotolo 8,000 a theka la kilogalamu: 5,000 anapita kwa wogulitsa mopikulitsa ku Blantyre, 2,000 ku Mzuzu, 960 akadali m'nyumba yosungira katundu, ndipo 40 ndinawasunga ine monga zitsanzo. Patapita masabata atatu, labotale ya wogula yapeza poizoni wa chuku, aflatokisini, wopitirira malire amene tinapangana, tinene aja a ku Ulaya a mamaikulogalamu 4 pa kilogalamu ya chakudya chodyedwa mmene chilili. Ndi mabotolo angati ayenera kubwezedwa?

Wophunzira wothamanga amawonkhetsa 5,000 ndi 2,000, nalemba 7,000, nanena kuti otsalawo atsekeredwe; ndipo pamenepo wagwa, pakuti mabotolo 8,000 a theka la kilogalamu ndi makilogalamu 4,000 okha, pamene chiponde chinatuluka makilogalamu 4,250. Makilogalamu 250 osowawo ndiwo mtima wa funso lonse. Amene adziwa fakitale sawafuna m'buku la malonda, koma m'buku la zobwezeredwa m'chigayo, popeza chiponde chotsalira m'thanki madzulo, kapena cha m'mabotolo amene sanatsekeke bwino, sichitayidwa, koma chimathiridwa m'bachi ya mawa lake. Tsono ngati bachi ya mawayo inatulutsa mabotolo 6,000, ngakhale mtedza wake unali wa loti ina yopanda banga, onsewo alowa m'mlandu, ndipo mabotolo okayikitsa akwana 14,000. Ndipo ngati zotsalira za bachi yachiwiriyo zinathiridwanso m'yachitatu, unyolo upitirira kufikira tsiku limene makina anakhuthulidwa ndi kutsukidwa kwathunthu, tsikulo litalembedwa ndi kusainidwa. Akulu anati nsomba ikawola imodzi zonse zawola, ndipo ndicho chifukwa chake ine ndimalimbana ndi akuluakulu a fakitale kuti zotsalira zizibwerera m'loti yake yokha, ngakhale iwo amaona ngati ndikuwononga chuma.

Wina angafunse kuti bwanji osayesa bachi yachiwiriyo m'labotale, nkuimasula ikapezeka yabwino. Nthawi zina zimatheka, chifukwa chiponde choperedwa chimasakanikirana bwino kuposa mtedza wa m'thumba, momwe njere zochepa zoipa zingabisale pakati pa zikwi zabwino, chitsanzo nkuziphonya. Koma yankho limene oyesa amalandira ndi lakuti katundu ayambe waimitsidwa, kuyesa kutsate pambuyo, pakuti kukazinga sikuthetsa poizoniyu, ndipo tsiku lililonse lodikira zotsatira ndilo tsiku limene ana akupaka chipondecho pa buledi.

Atadziwa kuchuluka kwake, wophunzira ayenera kusankha njira. Katundu akadali m'manja mwa opikulitsa, asanafike pashelefu, amatengedwa mwakachetechete ndi telefoni ndi kalata. Koma botolo limodzi likangogulidwa ndi munthu wamba, pafunika kudziwitsa bungwe loona za miyezo la MBS, kulengeza pawailesi ndi m'nyuzi dzina la katundu, kukula kwa botolo, nambala ya bachi ndi malo amene yalembedwa, ndi chimene wogula achite. Pano mayankho ambiri amatchula wailesi, naiwala kunena amene ali ndi mphamvu yolamula kubweza, ndi amene alamule m'malo mwake iye akakhala kumaliro kumudzi. Amene anaona za 2018, pamene poloni wa ku Polokwane ku Joni anabwezedwa m'mwezi wa Malichi anthu pafupifupi 180 atafa ndi matenda a lisiteriya, maiko oyandikana nawo, kuphatikizapo lathu lino, naletsa nyama zotere kulowa, adziwa kuti mndandanda wa ogula suthera pamalire a dziko.

Kumbuyo nako kuli dzenje lake, ndipo ili ndi lathulathu. Pamapepala mwendo umodzi kumbuyo umakwanira ndikatchula venda amene anabweretsa matumba 100 aja. Koma venda ameneyo anagula ndowa ndi ndowa kwa alimi ambirimbiri m'misika ya ku Mchinji kapena ku Kasungu, ena a iwo atawaza madzi pa makoko kuti afewe posenda, nauthira wonsewo pamulu umodzi asanasoke matumba. Mayeso ndidzakhoza, koma munda umene chuku chinachokera sindidzaupeza, ndipo sindidzatha kuuza mlimi aliyense chimene akonze. Chifukwa chake ndimakonda kugula kumagulu a alimi amene amalemba dzina la kalabu pathumba, ndi kudula maloti ang'onoang'ono, galimoto imodzi loti imodzi, ngakhale zimachulukitsa zolemba.

Chatsala chinthu chimodzi m'funso lija chimene ophunzira pafupifupi onse amachidumpha, ndicho makilogalamu 400 osankhidwa aja. M'masamu amaoneka ngati otayika, ndipo chiwerengero chimakwana bwino popanda kuwafunsa. Komatu ndi m'menemo momwe poizoni wachuluka koposa, popeza ndiyo ntchito ya kusankha kuusonkhanitsa pamodzi. Mtedza wotere sukhalitsa pachipata, umagulidwa motsika mtengo, nkukasinjidwa nsinjiro zotendera ndiwo kapena kupatsidwa ziweto. Wofufuza wanzeru, ataona kuti mabotolo onse ndawapeza m'maola ake anayi, amatseka buku la malonda, nandipempha risiti ya matumba asanu ndi atatu amenewo, yokhala ndi nambala ya loti, dzina la wogula, ndi ntchito imene analonjeza kukaugwiritsa.