Nyumba yobisika m'chimbale cha ulendo

Chimbale cha Exodus, chomwe Bob Marley ndi gulu la Wailers adatulutsa mu June 1977, anthu adachigawa kale pawiri ndipo kagawidweko kadakhazikika. Amati nyimbo zisanu za mbali yoyamba ndi za nkhondo, chiweruzo ndi chipembedzo, pomwe zisanu za mbali yachiwiri ndi za chikondi ndi chisangalalo. Izi si zabodza. Koma ine, amene ntchito yanga ndi kumasulira zolemba, kagawidwe kotere sikandikhutiritsa, chifukwa kamangonena za mutu wa nyimbo iliyonse payokha. Funso langa limakhala lina: ndi zinthu ziti zomwe woimbayu akubwerera kukazigwira mobwerezabwereza, kaya akuimba za Babulo kaya akunyengerera mkazi?

Njira yomwe ndimatsata ndi yosavuta, ngakhale imadya nthawi. Ndimalemba mawu a nyimbo zonse khumi pamanja, m'ndondomeko yomwe zilili pachimbale. Ndikatero ndimasiya kaye mawu aakuluakulu monga ufulu, chikondi ndi chilungamo, n'kuyamba kudula mzere kunsi kwa zinthu zomwe munthu angazione kapena kuzikhudza: nsomba, buledi, lipenga, mwezi, mbalame. Mawu aakulu aja woimba amawasankha akudziwa kuti anthu akumumvera, ndipo amangotiuza zomwe iye akufuna kuti timve. Tinthu tating'onoti n'tomwe timaulula komwe maganizo ake ankapita okha.

Pamndandanda womwe udatuluka, zambiri zidaoneka kamodzi n'kuzimirira. Nsomba zazikulu zodya zazing'ono zili mu Guiltiness mokha. Lipenga lili mu Natural Mystic mokha. Koma panali gulu limodzi lomwe silinkatha, ndipo ndi gulu losayembekezeka m'chimbale chotchedwa dzina la ulendo wotuluka mu Iguputo: ziwalo za nyumba.

Mu So Much Things to Say, nyimbo yachiwiri, muli denga. Woimba akukumbutsa omuneneza kuti mvula sisankha denga la munthu mmodzi. Mu The Heathen, yachinayi, muli khoma, ndipo adani ndiwo apanikizidwa pakhomapo. Tikatembenuza chimbale, mu Waiting in Vain mwamuna akugogoda pachitseko chomwe sichikutseguka, ndipo akuti watha zaka zitatu akugogoda. Nyimbo yotsatira, Turn Your Lights Down Low, tili m'kati: muli nyale yochepetsedwa kuwala, zenera ndi makatani, ndi pempho loti mwezi uloledwe kulowa. Kenaka mu Three Little Birds kwacha, munthu wadzuka, ndipo mbalame zatera pakhomo pake.

Kupeza zinthu zisanu zofanana sikokwanira. Chomwe chimandichititsa kunena kuti apa pali ulusi weniweni n'chakuti malo omwe woimba waima akusintha mwadongosolo. Pa denga ndi khoma paja ali panja, ndipo nyumbayo ndi ya anthu ena: denga ndi lowopsezera adani, khoma ndi lowapanikizira. Pachitseko akadali panja, koma tsopano iyeyo ndiye wopempha, mphamvu zili ndi amene ali m'kati. Pazenera walowa. Pamapeto khomo ndi lake, ndipo alendo ndiwo akubwera kwa iye. Choncho chimbale chomwe dzina lake likunena za kutuluka, mawu ake akuyenda ulendo wolowa, kuchokera pamvula kufika m'chipinda.

Nyimbo ya ulendo weniweni ndi imodzi yokha, Exodus, yomwe imatseka mbali yoyamba ndipo imapitirira mphindi 7. M'menemo ndimo muli Mose, Nyanja Yofiira, kusiya Babulo ndi kulunjika kudziko la makolo. Ndi yaitali komanso yaphokoso kotero kuti imaphimba zinzake m'chikumbumtima cha omvera. Koma ngakhale m'menemo, pakati pa kulamula khamu kuti liyende, woimba akuuza munthu aliyense kuti adziyang'ane m'kati mwake ndi kudzifunsa ngati moyo wake ukumukwanira.

Mbiri ya chimbalechi imakoka munthu kuti athamangire kumasulira. Pa 3 December 1976 anthu a mfuti adalowa kunyumba ya Marley pa 56 Hope Road mu Kingston. Adamuvulaza iye, mkazi wake Rita, ndi Don Taylor yemwe ankayendetsa ntchito zake. Patapita masiku awiri adaimbabe pa konsati ya Smile Jamaica, kenaka adachoka m'dzikomo, ndipo chimbalechi adachijambulira ku London kumayambiriro kwa 1977. Munthu amene nyumba yake yathyoledwa ndi zipolopolo, ali kudziko la eni, akuimba za zitseko ndi mazenera: n'zokopa kunena kuti tapeza chifukwa chake. Nyimbo ya Jamming imatchuladi chipolopolo, kotero kuti usiku ujawo sudasowe m'chimbalechi.

Komabe pali malire. One Love, yomwe imatseka chimbale, gulu la Wailers lidaijambula koyamba mu 1965 ku Studio One, m'chamba chofulumira cha ska, zaka 11 mfuti zija zisanalire. Sitinganene kuti mawu onse a m'chimbalechi adabadwa ndi bala. Chomwe tinganene molimba mtima n'chakuti kusankha ndi kusanja nyimbozi kudachitika pambuyo pake. Pa nthawi yomweyo ku London adajambulanso nyimbo zomwe zidadzatuluka mu 1978 pa chimbale cha Kaya. Ndiye kuti panali mulu wa nyimbo, ndipo khumi izi zidatoledwa pamuluwo n'kuikidwa m'ndondomeko iyi. Ulusi wa nyumba uli m'kasanjidweko. N'chifukwa chake amene amamvera chimbalechi pafoni nyimbo zitasakanizidwa sangauone: khomo la mbalame likabwera chitseko chotseka chisanabwere, ulendo wolowa uja watha.

Pali mayeso ena omwe ndimaika pa chilichonse chomwe ndikuganiza kuti chikubwerezedwa. Ndimafunsa ngati chinthucho ndi cha chimbalechi kapena ndi cha chamba chonse. Babulo ndi Ziyoni ali m'chimbalechi, koma alinso m'nyimbo zosawerengeka za rege, kuyambira ku Kingston kufika ku Chileka kwa Evison Matafale ndi Black Missionaries. Kuwapeza mu Exodus kumangotiuza kuti Marley adali Mrasta, zomwe tinkadziwa kale. Chitseko nachonso n'chofala m'nyimbo za chikondi, ndipo chikadakhala chokha sindikadachiwerengera. Chimalemera chifukwa chili pakati pa khoma la nkhondo ndi khomo la m'mawa, ndipo chifukwa chinthu chimodzi, nyumba, chikugwira ntchito m'mbali zonse ziwiri zomwe anthu amati n'zosiyana.

Apa Chichewa chimandithandiza komanso chimandinyenga. Kwathu khomo ndi polowera, koma ndi banjanso: tikati munthu ali pakhomo pake tikunena kuti ali kwawo, ndipo tikati khomo lasokonekera sitikunena za matabwa. M'Chingerezi cha Marley, chitseko chogogodedwa ndi potera mbalame ndi mawu osiyana, ndipo palibe limodzi mwa iwo lomwe palokha limatanthauza kwawo kwa munthu. Ndikamasulira m'mutu mwanga, zonsezi zimagwera m'liwu limodzi, ndipo ulusi umaoneka wokhuthala kuposa momwe ulili. Choncho ndimabwerera ku mawu enieni kuti ndione chomwe chatsala Chichewa chikachotsedwa. Chimatsala ndi denga, khoma, chitseko, zenera ndi pakhomo, m'nyimbo zisanu mwa khumi, m'ndondomeko yomwe ndafotokoza. Zimenezo zimandikwanira.

Ulusi wachiwiri umayenda limodzi ndi woyambawu, ndipo ndi wa mawu ndi makutu. Chimbale chimayamba mwakachetechete, zoimbira zikukwera pang'onopang'ono ngati zikuchokera kutali, ndipo Natural Mystic ikupempha womvera kuti atchere khutu ku chinthu chomwe chili mumphepo. Nthawi yomweyo nyimbo yachiwiri ikudandaula za anthu olongolola, ndipo ikutchula Yesu, Marcus Garvey ndi Paul Bogle ngati anthu amene adaperekedwa kapena kukanidwa ndi anzawo. Bogle adanyongedwa mu 1865 pambuyo pa kuukira kwa ku Morant Bay, ndipo kwa Mjamaika dzinalo silifuna kufotokozera. The Heathen nayo imanyoza kulankhula kopanda ntchito. Mbali yoyamba, ndiye kuti, mawu a anthu ndi phokoso, miseche ndi milandu.

Ku mbali yachiwiri liwu lakuti uthenga limapezeka m'nyimbo ziwiri zotsatizana. Mu Turn Your Lights Down Low mwamuna ali ndi uthenga womwe wakhala nawo nthawi yaitali osapeza mpata woupereka. Mu Three Little Birds uthenga ukuchokera kwa mbalame, ndipo iye ndiye wolandira. Onani kuti malo ake ndi omwe aja: uthenga woyamba ukuperekedwa m'chipinda, wachiwiri pakhomo. Panja pali phokoso, ndipo mawu oyenera kuwamva amafika munthu akalowa. Maulusi awiri akamakumana pamalo amodzimodzi chonchi, ndimayamba kukhulupirira kuti si ine ndawaluka.

Izi zimasintha momwe ndimamvera Three Little Birds, nyimbo yomwe yatha mphamvu chifukwa choimbidwa m'maukwati ndi m'zotsatsa malonda. Payokha imamveka ngati yongotonthoza mwana. Pamalo ake, ngati nyimbo yachisanu ndi chinayi, ikubwera pambuyo pa chenjezo la nyimbo yoyamba loti ambiri adzavutikabe ndi kufa, pambuyo pa chipolopolo, pambuyo pa zaka zitatu za kugogoda. Ndi m'mawa woyamba m'chimbale chonse, wotsatira usiku wa mwezi uja. Owerenga Baibulo angakumbukire kuti pa Eksodo 12, usiku wa Pasika, Aisraeli adauzidwa kupaka magazi pamphuthu za zitseko ndi kukhala m'nyumba kufikira kutacha. Marley sakutchula zimenezi paliponse m'chimbalechi, ndipo sindikumuika mawu m'kamwa. Ndikungoona kuti ngakhale m'buku lomwe adatengako dzina, ulendo umayambira kuseri kwa chitseko chotseka.

One Love ilibe denga, ilibe zenera. Koma ili ndi funso lomwe ambiri oimba nawo kolasi yake samalimva: ngati wochimwa amene wapweteka anthu onse pofuna zake angapeze malo. Miseche ya nyimbo yachiwiri yabwereranso, koma tsopano woimba akuti isiyeni idutse. Olakwa a mu Guiltiness, amene adawalosera chakudya cha chisoni, abwereranso, ndipo mwini khomo akufunsa ngati nawonso angalowe. Vesi lachiwiri silikutsegula chitseko msanga, chifukwa likunena za Armagedo ndi kusowa kobisala pamaso pa Mlengi. Funsolo limatsala losayankhidwa, kolasi n'kubwerera, singano n'kufika kumapeto kwa mbale.