Chambo Chiti?

Womasulira wina ku Mangochi wabweza ndondomeko ya kafukufuku wa usodzi pa Nyanja ya Malombe, koma pamwamba pake wamatapo kakalata. Wolemba ndondomekoyo anangoti "chambo". Asayansi amati chambo chili ndi mitundu itatu ya Oreochromis, pomwe msodzi wa ku Makawa amatcha chaching'ono kasawala. Womasulirayo wasiya "chambo", n'kufunsa ngati kasawala awerengedwe nawo.

Pa fomu ya chilolezo mpamene panavuta. Mawu a Chingerezi onena za banja lodyera mphika umodzi wawamasulira "khomo", osati "banja", poti kuno mwamuna wamitala amadya makomo awiri.

Mafunso a kafukufukuyo akafunsidwa m'Chiyao kodi? Zimenezo wazisiyira mwini ntchito.