Kalata ya Lamulungu

Msuweni wanga amadzilembera kalata Lamulungu lililonse madzulo, m'kope lakale la sukulu. Timakhala nyumba imodzi kuno ku Chirimba, iye amagwira ntchito m'sitolo ku Limbe, ndipo amabetcha mpira pafoni monga anyamata ambiri omwe ndimakwera nawo minibasi. Sabata yomwe anadyedwa matikiti 13 motsatizana anandipatsa kopelo. "Aise, iwe unapita ku yunivesite, tandiwerengera masamu awa," anatero.

Kalatayo imayamba ndi ndalama, madandaulo amabwera pambuyo. Amakopera mauthenga a Mpamba limodzi ndi limodzi: tsiku, ola, ndalama. Kuyambira Lolemba mpaka Loweruka masana anagula matikiti khumi a K2,000, pamodzi K20,000. Loweruka usiku anagula atatu, ya K4,000, ya K8,000, kenako ya K16,000. Zonse K48,000. Pansi pake analemba kuti: "Iwe, vuto lako ndi tsoka. Kawiri konse timu imodzi yokha ndi imene yakugwetsa."

Apa m'pamene ndinatsutsana naye. Tikiti yake iliyonse inali ndi masewero asanu ndi atatu, aliwonse a maodzi cha m'ma 1.50, nambala ija amachulukitsira ndalama yako ukalosera molondola. Ukachulukitsa 1.50 kasanu ndi katatu umapeza 25.6, ndiye K2,000 imalonjeza K51,000 ndi kakusefukira. Koma maodzi a 1.50 akutanthauza kuti timuyo imapambana kawiri pa katatu, tikaikomera mtima. Kuti matimu onse asanu ndi atatu apambane nthawi imodzi, mwayi wake ndi tikiti imodzi pa 26. Munthu wobetcha chonchi akagula matikiti khumi, kawiri pa katatu amadyedwa onse. Zimene iye ankatcha tsoka ndi mmene tikiti yotere imayendera masiku onse.

Nanga timu imodzi ija? Imeneyi ndi imene imapweteka, imakupangitsa kumva ngati unafika pakhomo. Masamu omwewo akusonyeza kuti kulondola masewero asanu ndi awiri n'kuphonya amodzi kumachitika kanayi kuposa kulondola onse. Kuphonya ndi timu imodzi sikusonyeza kuti wayandikira. Ndinamuuza kuti mzerewu aufufute, chifukwa kalata ikatchula cholakwa chabodza imabereka lamulo lachabe, monga lija analemba lakuti sadzaikanso Manoma pa tikiti.

Cholakwa chenicheni chinali pa maola. K28,000 pa K48,000 inapita usiku umodzi, pa matikiti atatu, iliyonse kuwirikiza inzake pofuna kubweza zotayika. Yomalizayo anaika matimu a ku South America omwe sadziwa ngakhale mtundu wa yunifomu yawo, kungoti ndi okhawo omwe ankasewera nthawi imeneyo. Ndipo K16,000 ija inali ya thiransipoti. Lolemba anayenda wapansi kudutsa Mbayani mpaka m'tauni kuti ikwane ya ku Limbe.

Anailembanso kalatayo. Chomwe ndinakonda n'choti anasiya mawu ngati "ndikhala wosamala", omwe sungawayeze. Lamulo lililonse analilemba moti Lamulungu lotsatira ayankhe inde kapena ayi. Ndalama yobetchera ndi K10,000 pa sabata, amaiika Lolemba, ikatha yatha. Ya thiransipoti ndi ya lendi amaitapa tsiku lolandira kuti isagone m'foni. Tikiti sipitirira K2,000, kaya wadyedwa kaya wadya. Ikakwana 8 koloko usiku palibe kubetcha, ndipo ngongole ya pafoni sigwiritsidwa ntchito pa mpira. Masewero pa tikiti anawatsitsa kufika pa atatu, pomwe mwayi umakwera kufika pafupifupi katatu pa khumi, ngakhale K2,000 imangobweretsa K6,750. Anadandaula kuti ndalama yake ndi yosasangalatsa.

Pali chinthu chimodzi chomwe malamulo onsewa sangakonze, ndipo ndinamulembera m'mphepete mwa tsamba. Matimu awiri akakhala ofanana mphamvu pa masewero oti wina apambane basi, kampani siika 2.00 mbali zonse, imaika monga 1.90. Ine ndikaika K1,000 uku, iye K1,000 uko, palowa K2,000, patuluka K1,900. K100 imatsala kwa iwo, apambane aliyense. Pa tikiti ya masewero ambiri kachidutswa kameneka kamadulidwa pa masewero aliwonse. Choncho malamulo ake amangochepetsa liwiro lomwe ndalama ikutulukira. Ine ndikanakonda akanalemba lamulo limodzi lokha, koma kope ndi lake.

Kalata ya sabata yotsatira inali yaifupi. Matikiti asanu, K10,000, imodzi inadya K6,750, ndiye watayapo K3,250. Pa malamulo onse analemba inde, kupatula la 8 koloko, lomwe analiswa Lachitatu chifukwa cha mpira wa ku Ulaya. Anawonjezera lina lakuti usiku wa masewero foni izigona kuchipinda kwanga. Pano ndimadzutsidwa ndi alamu yake 5 koloko.