Kulengeza kuti wapeza ntchito popanda kudziguguda pachifuwa

Ndimawerenga mapositi ambiri a anthu olengeza kuti apeza ntchito, pa LinkedIn ndi pa Facebook pomwe. Ena ndikawerenga ndimasangalala ngati ntchitoyo ndi yanga. Ena ndimangodutsa, ngakhale kuti nawonso ali ndi mawu oti zikomo. Maganizo anga ndi akuti kusiyana kwake sikuli pa kuchuluka kwa mawu odzichepetsa. Kuli pa funso limodzi: m'ziganizo zakozo, amene akuchita zinthu ndani, iwe kapena anthu amene ukuwathokoza?

Funsoli ndi lolemera chifukwa cha amene amawerenga. Positi yako siwerengedwa ndi mabwana okha. Oyamba kuiona ndi anzako a m'kalasi, ndipo ena mwa iwo digiri yawo idakali mu envelopu kunyumba, ena akugulitsa kaunjika podikira kuitanidwa ku intaviyu. Anthu amenewa sadana ndi mwayi wako. Chimene chimawapweteka ndi positi yofotokoza mwayiwo ngati kuti iwo anali aulesi.

Mnzanga wina amene anachita maphunziro owerengera ndalama ananditumizira zimene ankafuna kuponya, kuti ndione kaye. Analemba motere:

"Modzichepetsa ndikulengeza kuti mwa anthu ambirimbiri amene anafunsira, ine ndi amene ndasankhidwa. Kusagona tulo kwanga kwapindula. Amene ankandiseka aone tsopano. Ndikuthokoza onse amene anandithandiza, mukudzidziwa nokha."

Mnyamatayu si wamatama, koma positi yakeyi inali ya matama. Mawu oti "modzichepetsa" afafanizidwa ndi mawu otsatira, chifukwa kutchula kuchuluka kwa amene anafunsira ndi kuwerenga anthu amene wawagwetsa, ndipo mwina ena mwa iwo ndi amene akuwerengawo. Chiganizo chachiwiri chikupereka ulemu wonse ku khama lake. Chachitatu chikulankhula ndi adani patsiku loyenera kulankhula ndi abwenzi. Zikomo wabwera kumapeto, ndipo alibe nkhope. "Mukudzidziwa nokha" sathokoza munthu aliyense, amangotseka nkhani.

Sindinamuuze kuti awonjezere mawu aulemu. Ndinangomufunsa kuti: "Aise, ndani anachita chiyani kuti ufike apa? Tchula atatu okha, ndipo aliyense unene chinthu chimodzi chimene anachita." Atayankha, positi inatuluka yokha:

"Lolemba lapitali ndayamba ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina yogulitsa zipangizo zaulimi ku Lilongwe. Amayi anga ankagulitsa mtedza chaka ndi chaka kuti fizi ikwane. Aphunzitsi amene ankayang'anira kafukufuku wanga anandilembera kalata yondichitira umboni pasanathe masiku awiri. Anzanga awiri ankandifunsa mafunso a intaviyu pa foni mpaka ndinasiya kunjenjemera. Zikomo nonse. Amene akufuna kuona mmene ndinalembera kalata yofunsira ntchito andiuze, ndimutumizira."

Taonani chimene chasintha. Nkhani yeniyeni yanenedwa m'chiganizo chimodzi, mosabisa komanso mosakokomeza: ntchito yake, malo ake, tsiku loyamba. Sanadzipeputse ponena kuti "ka ntchito kenakake", chifukwa kuchepetsa dala chinthu chabwino kumamvekanso ngati kupempha kuti anthu akutamande. Kenako m'ziganizo zitatu zotsatira, ochita zinthu ndi amayi, aphunzitsi ndi anzake. Khama lake silinatayike, aliyense akudziwa kuti kampani silemba munthu chifukwa cha mtedza wa amayi ake. Koma walola owerenga kuti alione okha. Chiganizo chomaliza chikupatsa kanthu mnzake amene akadali kufunafuna, ndipo n'chinthu chimene angathedi kuchita, osati lonjezo loti "ndidzakukokani nonse".

Kuthokoza kulinso ndi malire ake. Pali munthu amene si bwino kumuthokoza pagulu: amene ali m'kati mwa kampaniyo ndipo anakutsina khutu kuti kuli malo. Mwina sanachite cholakwa chilichonse, anangokutumizira chilengezo chimene chinali kale m'nyuzipepala. Koma ukalemba kuti "zikomo amalume ponditsegulira chitseko", owerenga amva kuti unalowera pawindo, ndipo amalumewo ndi amene adzayankhe mafunso kuntchito kwawo. Oterowo ayimbire foni kapena ukawaone. Ena onsewo, usanawatchule dzina kapena kuwataga, afunse kaye. Si aphunzitsi onse amene angakonde kuti mawa lake ophunzira ambiri awapeze kufuna makalata ofanana.

Za kuthokoza Mulungu, ine ndimaona kuti n'zoyenera kwa wokhulupirira, ndipo kwathu kuno ambiri timayambira pamenepo. Koma "ndikuthokoza Mulungu" ndi kosiyana ndi "Mulungu waonetsa amene ali wake". Mawu achiwiriwa akuuza mnzako amene mumapemphera naye limodzi kuti mapemphero ake ndi operewera.

Nthawi yolengeza nayo ndi mbali ya kudzichepetsa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Foni yokuuza kuti wapambana intaviyu si kontirakiti. Dikira usaine, ndipo ngati ungathe, uyambe kaye ntchitoyo. Kumbukiranso kuti ntchito zambiri zimayamba ndi nthawi yoyesedwa, ija timati pulobeshoni. Lamulo la zantchito la m'Malawi la chaka cha 2000 limalola kuti kwa wantchito waluso nthawiyi ifike miyezi 12, ndipo m'kati mwake mbali iliyonse ikhoza kuthetsa mgwirizano popanda kupereka notisi. Sindikunena kuti ukhale chete chaka chonse. Ndikunena kuti wodziwa zimenezi amalemba kuti "ndayamba ntchito", salemba kuti "mavuto anga atha".

Ndipo pali anthu oyenera kumva kuchokera pakamwa pako anthu a pa intaneti asanamve. Amayi amene anagulitsa mtedza aja asamve kwa mwana wa aneba kuti mwana wawo walembedwa ntchito. Ngati ukuchoka pa ntchito ina, abwana ako akale asadziwire pa foni yawo. Apa LinkedIn ikhoza kukutsogolera osadziwa: ukamawonjezera ntchito yatsopano pa mbiri yako pamakhala kabatani kolembedwa "Notify network", ndipo kakakhala koyatsa anthu amene mwalumikizana nawo akhoza kudziwitsidwa. Kazimitse mpaka utamaliza kuyimba mafoni oyenera.

Chithunzi nachonso chimalankhula. Kalata yokulemba ntchito usaijambule, chifukwa mumakhala malipiro, siginecha za anthu ndi zina zimene kampani sinakulole kuulutsa. Chiphaso cha kuntchito chimodzimodzi. Chithunzi chako wamba chikwanira, ndipo positi yopanda chithunzi si tchimo.

Wina angafunse kuti ngati zili choncho bwanji osangokhala chete. Ine sindigwirizana nazo. Amene anakuthandiza amayenera kudziwa kuti thukuta lawo silinapite pachabe, ndipo wophunzira wa chaka chachiwiri amalimba mtima akaona kuti wina wa maphunziro ngati ake wapeza pogwira. Lengeza ndithu. Koma usanaponye, werenganso ziganizo zako ngati ndiwe mnzako uja amene anapita ku intaviyu yomweyo koma sanaitanidwenso. Chiganizo chimene sungathe kumuuza maso ndi maso, chichotse. Chimene chatsala ndicho uponye.