Mwana akamwa palafini, musamusanzitse

Dzana ndinaona mayi wina akupisa chala kukhosi kwa kamwana kake kazaka 2 kuti kasanze palafini, amene anali m'botolo la chakumwa pansi pa tebulo. Mtima wachikondi ndithu, koma chalacho ndiye chikanapha.

Palafini akakhala m'mimba savulaza kwambiri. Choopsa n'chakuti alowe m'mapapo, ndipo mwana akamasanza ndi pamene timadontho timapatukira kunjira ya mpweya. Kadontho kochepa kamayanderera m'mapapo n'kuwatupitsa, ngati chibayo. Mwana angaoneke bwinobwino, kenako patapita maola angapo n'kuyamba kutsokomola, kubanika, thupi kutentha. Mankhwala otsukira chimbudzi nawo amawotcha kummero potsika, ndiye mukasanzitsa awotchanso pokwera. Madzi amchere, mafuta ophikira, mazira aawisi, zonsezi ayi. Ngakhale mkaka umene timaukhulupirira uja susungunula poizoni.

Chotsani zotsalira m'kamwa, mvuleni zovala zimene zanyowa, musambitseni ndi sopo, nyamukani. Ngati akusinza kapena wasanza yekha, mgonekeni chammbali, osamumwetsa kanthu. Botolo kapena paketi ipite nanu kuchipatala, ndipo kumbukirani nthawi imene wamwera.

Akakhala mapiritsi, werengani otsala kuti adokotala adziwe amene asowa. Panado ndi mapiritsi owonjezera magazi a amayi oyembekezera ndiwo onyenga: mwana amaseweranso ngati palibe kanthu, chiwindi chikuwonongeka mwakachetechete. Mankhwala oletsa poizoni wa panado amagwira bwino akaperekedwa maola 8 asanathe, choncho musadikire kuti kuche.